Ndikuchoka ku zogulitsa kupita ku ntchito yoyesa mapulogalamu: ndinene chiyani mu imelo?

*"Ndagwira ntchito yogulitsa katundu wa m'magolosale kwa zaka 6, kuyenda m'mashopu a ku Limbe ndi ku Ndirande ndi foni ya kampani yolembera maoda. Chaka chino ndakhoza mayeso a ISTQB, satifiketi ya oyesa mapulogalamu, ndipo ndikufuna ntchito yoyesa mapulogalamu. Koma ndikayamba kulemba imelo yofunsira ntchito ndimadzaza tsamba lonse ndi kufotokoza chifukwa chimene ndikusiyira zogulitsa, ndipo ndikaiwerenga imamveka ngati ndikupepesa. Ndinene bwanji mwachidule kuti andikhulupirire?"* (Wowerenga wa ku Blantyre)

Achimwene, chifukwa chosinthira ntchito chipatseni chiganizo chimodzi basi, ndipo chisakhale choyamba. Malo otsalawo aperekeni ku nkhani imodzi yeniyeni ya tsiku limene munapeza cholakwika mu pulogalamu n'kuchisonyeza kwa ena mpaka anachiona. Nkhaniyo ikalembedwa bwino, wowerenga amadziyankha yekha funso lakuti "munthuyu akufuna chiyani kuno?" ndipo inu simufunikanso kumuchonderera.

Ndimatsogolera gulu la oyesa mapulogalamu, ndipo makalata ngati yanuyi amafika pa desiki yanga. Ndikaona kuti munthu akuchokera ku zogulitsa, sindikayika kuti ndi wolimbikira, chifukwa amene wapirira tageti ya mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri si waulesi. Chimene ndimakayika n'china. Ntchito ya wogulitsa ndi kuonetsa ubwino wa katundu n'kudutsa msanga pa zofooka zake. Ntchito ya woyesa ndi kuima pomwe pali chofookapo, kuchifukula, n'kuchilemba poyera ngakhale anthu onse m'chipindamo akufuna pulogalamuyo ituluke Lachisanu. Ndiye ndimadzifunsa ngati munthuyu angathe kundiuza zoipa popanda kuzipaka mafuta. Nkhawa ina ndi yakuti mwina wangotopa ndi matageti, ndipo akadzaona kuti malipiro a woyamba kumene alibe komishoni, abwerera komwe wachoka ife titamuphunzitsa kale. Tsamba lonse lofotokoza mmene mumakondera zamakono silichotsa nkhawa ziwirizi. Limaziwonjezera, chifukwa limamveka ngati munthu akundigulitsa katundu.

N'chifukwa chake ziganizo zina ndi bwino kuzifufuta musanapite patali. "Kuyambira ndili mwana ndimakonda makompyuta": aliyense amalemba zomwezo, ndipo wowerenga amangofunsa kuti nanga zaka 6 zonsezi munali kuti. "Ngakhale ndilibe luso lokwanira pa ntchitoyi": mwadzichotsa nokha pa mzere. "Ndine wosamala pa zinthu zing'onozing'ono komanso ndimadziwa kulankhula ndi anthu": mwina n'zoona, koma palibe njira yoti ine nditsimikizire, ndipo woyesa mapulogalamu ndi munthu amene amalipidwa kuti asakhulupirire mawu opanda umboni. Musanyozenso ntchito yakale kapena bwana wakale. Wowerenga amaganiza za mmene mudzalembere za iye mukadzachoka.

Chuma chanu chili mu foni ija yolembera maoda. Munthu amene wagwiritsa ntchito pulogalamu imodzi tsiku ndi tsiku, padzuwa, netiweki ikubwera n'kuchoka, mwini shopu ataima pambali akudikira risiti, waona zolakwika zimene olemba pulogalamuyo sanazione ali mu ofesi. Khalani pansi ndi pepala mukumbukire. Kodi panali tsiku limene oda inalowa kawiri chifukwa munadinanso batani netiweki itachedwa? Mtengo wa pa sikirini unasiyanapo ndi wa pa invoisi? Katundu anaonekapo kuti alipo koma ku nyumba yosungira katundu atatha? Pa zonse zimene mukumbukire, musasankhe vuto lalikulu kwambiri. Sankhani limene inuyo munachitapo kanthu kuti mudziwe pomwe likuyambira. Kudandaula kwa a IT kuti "sisitimu yavuta" aliyense amachita. Kuwauza kuti "imavuta mukachita chakuti, koma mukachita chakuti siivuta" ndiye kuyesa kumene.

Tiyerekeze kuti nkhani yanu inali yotere, kuti muone mmene imasandukira ndime ya mu imelo. Kampani inalengeza kuti wogula makatoni 50 kapena kuposerapo achotseredwa 5 peresenti. Katoni imodzi ndi K40,000, ndiye oda ya makatoni 50 ndi K2,000,000, ndipo kasitomala ayenera kulipira K1,900,000. Mwini holoselo wina akuimbirani foni atakwiya kuti invoisi yake yabwera ndi K2,000,000 yathunthu. Patapita masiku wina akudandaula chimodzimodzi, pomwe ena ambiri akuchotseredwa bwinobwino. Anzanu akuti ndi netiweki. Inu mukuona kuti odandaula onse awiri anagula makatoni 50 ndendende. Madzulo mukutsegula pulogalamuyo, kulemba 49 n'kuyang'ana mtengo wonse pansi pa sikirini osadina batani lotumizira: palibe kuchotsera, ndipo n'zoyenera. Mukulemba 51: yachotsera. Mukulemba 50: ayi. Mukubwereza pa sopo, pa mafuta ophikira ndi pa shuga kuti muone ngati vuto lili pa katundu mmodzi kapena pa lamulo lenilenilo, ndipo ponseponse ndi chimodzimodzi.

Mwaphunzira ISTQB, ndiye mukuzindikira kuti uku n'kuyesa pa malire, kumene silabasi imakutcha `boundary value analysis`. Kawirikawiri gwero lake limakhala kachizindikiro kamodzi kamene wolemba pulogalamu anaiwala:

```
if (quantity > 50)    // 50 yatsala kunja
if (quantity >= 50)   // 50 yalowa
```

Simukuyenera kuika mizere imeneyi mu imelo, ndipo ngati simunaone kodi ya pulogalamuyo musanene kuti gwero linali limeneli. Nenani zimene munaona ndi zimene munachita. Woyesa wabwino amasiyanitsa chimene waona ndi chimene akuganiza, ndipo wowerenga amene amadziwa ntchitoyi adzazindikira yekha kuti munayesa pa malire. Ndingakonde kuti musalitchule n'komwe dzina la njirayo. Manambala atatu aja, 49, 50 ndi 51, amandiuza zambiri kuposa dzina loloweza.

Imelo yeniyeniyo mudzailemba m'Chingerezi, poti ndi mmene malonda a ntchitozi amatulukira, koma ndiiyala pano m'Chichewa kuti muone kamangidwe kake. Pa mzere wa mutu lembani dzina la ntchito monga momwe alilembera pa chilengezo, mwachitsanzo `Application: Junior Software Tester`, kenako dzina lanu, ndi nambala ya chilengezo ngati ilipo. Mkati mwake mukhale motere:

> Wokondedwa Bwana,
>
> Ndikufunsira ntchito ya woyesa mapulogalamu imene mwalengeza. Kwa zaka 6 ndakhala ndikugulitsa katundu wa m'magolosale, ndipo maoda onse ndimalemba pa pulogalamu ya pafoni.
>
> Chaka chatha makasitomala awiri sanachotseredwe 5 peresenti imene tinalonjeza kwa ogula makatoni 50 kapena kuposerapo. Ndinayesa maoda a makatoni 49, 50 ndi 51 pa mitundu itatu ya katundu, ndipo ndinapeza kuti kuchotserako kunkayambira pa 51. Ndinatumiza masitepe ake ndi zithunzi za sikirini kwa a IT, iwo anaona vutolo n'kulikonza, ndipo ine ndinabwerezanso mayeso omwewo atakonza.
>
> Ntchito yofufuzayo inandikoka kuposa kugulitsa, choncho ndinaphunzira n'kukhoza ISTQB Foundation Level chaka chino. Ndaphatikiza CV yanga ndi malipoti atatu a zolakwika amene ndalemba poyesa webusaiti yophunzirira. Sindinalembepo mayeso oyenda okha. Pakali pano ndikuphunzira SQL.
>
> Ndingakondwe kukumana nanu kuti ndikuonetseni mmene ndimayesera.

Mukaimasulira sidzafika mawu 200, ndipo imawerengeka yonse pafoni munthu asanatope kuseweretsa chala. Tsopano tiione bwino.

Ndime yoyamba imatchula zogulitsa mosabisa ndiponso mosapepesa. Ena amabisa mbiri yawo poganiza kuti wowerenga akopeke kaye, koma CV imaulula zonse pa tsamba loyamba, ndiye kubisako kumangooneka ngati manyazi. Onani kuti chiganizo chomwecho chalumikiza kale zogulitsa ndi pulogalamu. Wowerenga asanadabwe n'komwe, waona kale kuti muli ndi foni m'manja.

Ndime yachiwiri ndiye mtima wa kalata, ndipo mwadala yamangidwa ngati lipoti la cholakwika: chimene chinayenera kuchitika, chimene chinachitika, masitepe amene munatsata, ndi mapeto ake. Ine ndikaiwerenga ndimakhala ndikuona kale mmene mudzalembere mu Jira, pulogalamu imene timalembamo zolakwika, mukadzayamba ntchito. Chidutswa chomaliza, chobwereza mayeso atakonza, musachisiye ngati munachitadi. Anthu ambiri amaima pomwe anena vuto. Amene amabwerera kukaona ngati lakonzekadi ndi ochepa, ndipo theka la ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku ndi lomwelo. Mulibe mawu oti "ndinapulumutsa kampani" kapena "vuto lalikulu kwambiri". Ngati mukufuna kusonyeza kukula kwake, nenani kuti kasitomala aliyense ankalipira K100,000 yoonjezera, mulekere pomwepo. Apa ndi pomwe chizolowezi cha wogulitsa chimafuna kulowerera ndi mawu okometsera. Chiletseni. Kalata youma ndi imene ikuyankha nkhawa yanga yoyamba ija, yakuti kodi munthuyu anganene zinthu monga ziliri.

Musatchule dzina la kasitomala, ndipo zithunzi za sikirini za kampani imene mukugwirako musaziphatikize. Muli mitengo ndi maina a anthu, ndipo olemba ntchito, makamaka mabanki ndi makampani a mafoni, amayang'anitsitsa mmene munthu amasungira zinsinsi za kumene akuchokera. Ngati kuchuluka kwa peresenti ndi chinsinsi cha kampani, nenani kuti "kuchotsera kumene tinalonjeza" osatchula nambala.

Chiganizo cha chifukwa chafika m'ndime yachitatu, pamene wowerenga waona kale umboni, ndipo chikunena za kumene mukupita. Sichikunena za chimene mukuthawa. Mwina m'mtima mwanu chifukwa chachikulu ndi kutopa ndi matageti ndi kuyenda padzuwa, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma chifukwa chimenecho chingakutengereni ku ntchito ina iliyonse ya mu ofesi, ndiye sichindiuza chifukwa chake mwasankha iyi. Chimene mwalembacho chikhale choona ndithu, kungoti mwa zifukwa zanu zoona musankhe chimene chikuloza ku kuyesa.

Za satifiketi, muitchule kamodzi ndipo musaitamande. Mayeso a Foundation Level ndi mafunso 40 osankha yankho, ndipo munthu amakhoza akapeza 26. Amene akuwerenga kalata yanu amadziwa zimenezi, mwina anawalembanso. Satifiketiyo imasonyeza kuti mwaika nthawi ndi ndalama zanu pa chisankhochi, ndipo pamenepo ikuthandiza kuchepetsa nkhawa yakuti mudzabwerera ku zogulitsa. Koma siisonyeza kuti mungapeze cholakwika. Chimene chimasonyeza zimenezo ndi malipoti atatu aja, ndipo kunena zoona ine ndimawatsegula ndisanatsegule CV.

Ngati mulibe malipoti otero, mutha kuwapanga kumapeto kwa sabata ino. Pali mawebusaiti opangidwa dala kuti anthu aphunzirirepo kuyesa. Imodzi yodziwika ndi `saucedemo.com`, kashopu kabodza ka pa intaneti komwe maina olowera ndi pasiwedi zalembedwa pa tsamba loyamba lomwelo. Mukalowa ngati `standard_user` zinthu zimayenda monga ziyenera kuyendera. Mukalowa ngati `problem_user` mumapeza kuti katundu yense ali ndi chithunzi chimodzi cha galu, ndipo mukapitiriza kuika katundu mu basiketi mpaka pa fomu yolipirira mupeza zina zobisika. Cha galucho aliyense amachiona, ndiye chisakhale lipoti lanu lonyadira. Fufuzani zimene zimafuna masitepe angapo kuti zioneke. Lipoti lililonse likhale ndi mutu wonena vuto m'chiganizo chimodzi, foni kapena kompyuta ndi burawuza imene munagwiritsa ntchito, masitepe owerengeka amene munthu wina angatsate popanda kukufunsani, chimene mumayembekezera, chimene chinachitika, chithunzi, ndi maganizo anu pa kukula kwa vutolo. Onse atatu akwane mu PDF imodzi ya masamba awiri kapena atatu, yokhala ndi dzina lanu pa dzina la fayilo. Musanatumize, patsani mnzanu amene sadziwa za kuyesa kuti atsate masitepewo. Akasochera pa sitepe yachitatu, lipotilo silinathe.

Pa kukula kwa vuto m'pamene zaka zanu zogulitsa zimakupatsani mwayi woposa mnyamata wongochoka ku koleji. Iye amatha kulemba chithunzi chopendekeka ndi mtengo wolakwika ngati mavuto ofanana. Inu mwaimapo pamaso pa mwini shopu amene walipiritsidwa mopitirira, ndipo mukudziwa kuti chithunzi chopendekeka amachiseka koma mtengo wolakwika umathetsa ubale. Lembani chiganizo chimodzi pansi pa lipoti lililonse chonena chimene kasitomala kapena kampani ingataye. Mukatero mwasonyeza luso lochokera ku zogulitsa popanda kulemba kuti "ndili ndi luso lochokera ku zogulitsa".

Chenjezo limodzi pano. Musapite pa webusaiti kapena pulogalamu ya kampani imene mukufunsirako ntchito n'kuyamba kuyesa mapasiwedi, kulowetsa zinthu zachilendo m'mafomu kapena kuyesa kuona maakaunti a anthu ena kuti muwagometse. Kulowa mu sisitimu ya eni popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ngati pogwiritsa ntchito pulogalamu yawo monga kasitomala wamba mwaona kanthu, monga batani losagwira pa foni yanu, mutha kukasunga kuti mukakatchule mwaulemu pa intavyu. Mu imelo yoyamba ine sindingakaike. Simudziwa ngati amene akuwerengayo si yemwe anayesa tsamba limenelo.

Mwina mwadabwa ndi chiganizo chovomera kuti simunalembepo mayeso oyenda okha, ndiye kuti kodi imene imayesa pulogalamu popanda munthu kudina. Chimenechi si kupepesa kuja ndakuletsani. Kupepesa kumanena kuti "sindikwanira" mwachisawawa. Ichi chikutchula malire enieni a zimene mukudziwa, ndi chimene mukuchita pa malirewo. Chiikeni pokhapokha chilengezo chatchula zida monga Selenium kapena Postman ngati zinthu zongowonjezera mwayi. Chikakhala kuti chikufuna munthu wa zaka zitatu akulemba mayeso oyenda okha, palibe kalembedwe kamene kangatseke mpata umenewo, ndipo nthawi yanu ipita bwino pa ntchito za oyamba kumene. Chimene musachite ndi kundandalika zida zisanu ndi zitatu zimene munangoonera pa vidiyo. Mukalemba SQL, chilankhulo chofunsira zimene zasungidwa mu sisitimu, yembekezerani kupatsidwa pepala kuti mulembe funso lotulutsa maoda onse a makatoni 50 kapena kuposerapo, ndipo mukakanika, nkhani yanu yabwino ija iyambanso kukayikitsa.

Nkhani imene musankhe isinthe malinga ndi kumene mukufunsira. Ku banki kapena ku kampani ya ndalama za pafoni, tengani ya ndalama: mtengo wolakwika, oda yolowa kawiri, risiti yosagwirizana ndi zimene zalipidwa. Ku bungwe limene limapanga mapulogalamu a ogwira ntchito kumudzi, monga azaumoyo kapena alangizi a zaulimi, yamphamvu ndi ya netiweki: chimene chinkachitika ndi oda yolembedwa popanda netiweki foni ikadzalumikizikanso, ndi mmene munadziwira kuti ina yasowa. Ndime zina zonse zitha kukhala momwemo. Yachiwiri yokhayo ndiyo muisinthe, pamodzi ndi dzina la ntchito pa mutu, limene anthu amaiwala kusintha kawirikawiri kuposa mmene mungaganizire. Kwa munthu wofunsira ntchito yopeza zolakwika, dzina la kampani ina pamwamba pa kalata, kapena "ndaphatikiza CV" popanda fayilo, zimapweteka kwambiri kuposa kwa wofunsira ntchito ina iliyonse. Dzitumizireni nokha kaye, muitsegule pafoni, mudine fayilo iliyonse.

Nanga ngati mwakumbukira mpaka mutu kuwawa koma palibe tsiku limene munafufuza vuto motere? Musapeke. Nkhani yopeka imagwa pa funso lachiwiri la intavyu. Muli pa ntchitobe, foni ija muli nayo, ndiye yambani mawa. Vuto lotsatira limene mnzanu adandaule, mufunseni kuti anadina chiyani, pa katundu uti, nthawi yanji, netiweki inali bwanji, kenako yesani kulibweretsanso popanda kutumiza maoda abodza amene angasokoneze sitoko. Lembani, tumizani kwa a IT, sungani yankho lawo. Pakatha mwezi umodzi mudzakhala ndi ndime yachiwiri yoona. Mukafuna kufunsira ntchito mweziwo usanathe, ikani pamalopo cholakwika chabwino kwambiri mwa malipoti atatu aja, ndipo nenani poyera kuti munachipeza pa webusaiti yophunzirira.

Akakuitanani, dziwani kuti ndime yachiwiriyo ndi imene adzaikumbe. Ine ndingakufunseni kuti n'chifukwa chiyani munayesa mitundu itatu ya katundu, bwanji simunayese makatoni 30 a sopo ndi 20 a shuga mu oda imodzi kuti muone ngati 50 imawerengedwa pa katundu mmodzi kapena pa oda yonse, ndipo chingachitike n'chiyani kasitomala atagula 51, kuchotseredwa, kenako n'kubweza makatoni awiri. Ngati simunayese zimenezo, yankhani kuti simunayese, kenako fotokozani mmene mungayesere lero ndi chimene mungafunse kaye kwa amene anakhazikitsa lamulo la kuchotserako. Mafunso ngati amenewa alembeni pa pepala musanatumize imelo, muwayankhe mokweza mawu, ndipo pomwe mwakakamira mubwerere ku foni ija mukayese.